Kuchotsa mawu ogwidwa ndi mndandanda wa mabuku pa Turnitin: n'chifukwa chiyani peresenti yanga yatsika pang'ono chabe?

Tamandani

Ndikupempha thandizo kwa amene amadziwa bwino kagwiritsidwe ntchito ka Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati zolemba zikufanana ndi za ena. Ndili m'chaka chachinayi cha maphunziro a zauphunzitsi, ndipo dzulo ndinatumiza pepala langa la kafukufuku kudzera pa Moodle. Pepalalo lili ndi mawu pafupifupi 4,200, ndipo ndinalilemba m'Chingerezi motsatira kalembedwe ka APA. Lipoti litatuluka linasonyeza kuti 36 peresenti ya zolemba zanga ikufanana ndi zolemba za ena, pamene dipatimenti yathu inalamula kuti tisapitirire 20 peresenti. Mbali yaikulu ya zomwe zapakidwa utoto ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto, womwe uli ndi mawu pafupifupi 600, komanso mawu a olemba ena omwe ndinawagwira n'kutchula eni ake. Ndinatsegula kachizindikiro kooneka ngati fanulo, ndinachonga `Exclude Quotes` ndi `Exclude Bibliography`, kenako ndinadina `Apply Changes`, koma peresenti inangotsika kufika pa 29, ndipo mndandanda wa mabuku unakhalabe ndi utoto wake. Chandiopsa kwambiri n'chakuti lero m'mawa nditatsegulanso lipotilo ndapeza labwerera pa 36. Kodi aphunzitsi anga aona nambala iti, ndipo ndichite chiyani tsiku lomaliza lisanafike Lachisanu?

Madalitso

A Tamandani, musade nkhawa, chifukwa mwachita kale zofunikira, kungoti mwasiya chimodzi. Pansi pa ziwiri zomwe mwachongazo pali malo ochotsera magwero ang'onoang'ono. Sankhani kuti achotse onse osafika 1 peresenti, ndipo mudzaona nambala ikugwa kwambiri. Ine pepala langa la chaka chatha linachoka pa 31 kufika pa 11 nditachonga zonse zitatu, ndipo ndinajambula chithunzi cha lipotilo n'kuchisunga ngati umboni.

Mayi Nyirenda

Ndimagwira ntchito m'laibulale ya pa koleji, ndipo chaka chilichonse nyengo ngati ino ophunzira amabwera ndi funso lomweli. Ndiyambe ndi nkhani ya kubwerera pa 36, popeza ndi yomwe yakusowetsani mtendere. Zomwe wophunzira amachonga pa kafanulo zimangosintha momwe iyeyo akuonera lipoti pa nthawi imeneyo, ndipo sizisintha nambala yomwe mphunzitsi amaona m'ndandanda wa kalasi. Mphamvu yosintha nambala imeneyo ili ndi mphunzitsi, ndipo ali ndi njira ziwiri. Angathe kusankha zochotsa pamene akukhazikitsa asainimenti, kuti mapepala onse a kalasilo awerengedwe mofanana, kapena angathe kutsegula lipoti la wophunzira mmodzi n'kuchonga yekha. Choncho, a Madalitso, chithunzi chanu chija chinali choona, koma sichinali umboni wa zomwe aphunzitsi anu anaona.

Izi zikutanthauza kuti funso loyamba lofunika kufunsa ku dipatimenti ndi lakuti 20 peresenti yomwe akunenayo ikuwerengedwa mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa zitachotsedwa kapena zisanachotsedwe. Madipatimenti ambiri amatchula nambala yokha osafotokoza zimenezi, ndipo zotsatira zake n'zakuti ophunzira awiri olemba bwino mofanana amapatsidwa chiweruzo chosiyana chifukwa cha mabokosi omwe aphunzitsi awo anachonga.

Tsopano za mndandanda wa mabuku womwe sunachoke. Pulogalamuyi siwerenga ngati munthu kuti izindikire kuti apa payamba mabuku. Imafunafuna mutu wodziwika woima pa mzere wakewake, monga `References`, `Bibliography`, `Works Cited` kapena `Literature Cited`, ndipo ikaupeza imasiya kuwerengera zonse zotsatira mpaka itakumana ndi mutu wina wosonyeza kuti mndandanda watha, monga `Appendix` kapena `Glossary`. M'mitundu yatsopano ya lipoti, makinawa amayesa kuzindikira okha mndandanda wa m'Chingerezi ngakhale mutu wake ukhale wina, koma ine sindilangiza wophunzira kudalira zimenezo. A Tamandani, tiuzeni mutu womwe munalemba pamwamba pa mndandanda wanu, mtundu wa fayilo yomwe munatumiza, ndiponso ngati mawu onse ogwidwa anachoka kapena ena anatsala.

Tamandani

Zikomo kwambiri, mayi. Mutu wa mndandanda wanga ndi `6.0 Books and Articles Consulted`, chifukwa ndinafuna kuti ufanane ndi mitu ya zigawo zina yomwe ili ndi manambala. Ndinatumiza PDF poopa kuti masamba angasokonekere. Mawu ogwidwa aafupi omwe ali m'mitengero anachoka onse, koma ndime ziwiri zazitali zomwe ndinazilowetsa m'kati popanda mitengero zidakali ndi utoto. Ndinazilemba choncho chifukwa APA imanena kuti mawu ogwidwa akafika 40 kapena kupitirira aikidwe pa ndime yawoyawo yolowa m'kati, ndipo asakhale ndi mitengero.

Mayi Nyirenda

Pamenepo zonse zamveka, ndipo manambala anu akugwirizana ndi zomwe mwafotokoza. Kutsika kuchoka pa 36 kufika pa 29 ndi kwa mawu aafupi a m'mitengero okha. Pa pepala la mawu 4,200, 7 peresenti ndi mawu pafupifupi 300, ndipo ndikukhulupirira kuti mukawerenga mawu anu ogwidwa aafupi mupeza kuti ali pamenepo. Mndandanda wa mabuku wa mawu 600 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a pepala lonse, kutanthauza pafupifupi 14 peresenti, ndipo umafanana ndi zolemba za ena pafupifupi wonse, chifukwa aliyense wotchula buku lomwelo mu APA amalemba dzina, chaka, mutu ndi osindikiza mofanana ndendende. Mndandanda wolembedwa molondola umapakidwa utoto wochuluka kuposa wolembedwa mosasamala, ndipo n'chifukwa chake palibe nzeru kuuwerengera.

Sinthani mutuwo ukhale `References` basi, pa mzere wakewake, popanda nambala ndiponso popanda mawu ena owonjezera. Mmenemo ndi momwe APA imafunira kale, choncho simukupotoza kanthu pofuna kusangalatsa makina.

Ndime zanu ziwiri zazitali munazilemba molondola, ndipo musaziikire mitengero. Vuto ndi mtundu wa fayilo. Turnitin imazindikira ndime yolowa m'kati kuti ndi mawu ogwidwa ngati fayilo ndi ya Word, ya .doc kapena .docx, chifukwa m'fayilo yotere muli chizindikiro chobisika chonena kuti ndime iyi yakankhidwira m'kati. Mu PDF chizindikiro chimenecho sichidalirika, ndipo makina amangoona mawu wamba opanda mitengero. Onetsetsaninso kuti munalowetsa ndimezo m'kati pogwiritsa ntchito makonzedwe a ndime a mu Word, osati pomenya batani losiyira mpata kambirimbiri kumayambiriro kwa mzere uliwonse, popeza mipata yotere imaoneka bwino m'maso koma si chizindikiro chomwe makina amawerenga.

Musanatumizenso, onani ngati aphunzitsi anu analola kutumiza kangapo tsiku lomaliza lisanafike. Ngati analola, kumbukirani kuti lipoti limatuluka mwachangu pa maulendo atatu oyamba otumizanso, koma mukapyola pamenepo mumadikira maola 24 nthawi iliyonse. Ndi tsiku lomaliza la Lachisanu, konzani zonse kaye kenako mutumize kamodzi.

Yamikani

Ine zinandichitikira zoposa apa, chifukwa lipoti langa linafika pa 94 peresenti, ndipo kuchonga mabokosi onse sikunathandize ngakhale pang'ono. Ndinali nditapempha mnzanga wa ku koleji ina kuti andiyesere pepala langa pa kalasi yake ndisanatumize kwathu. A Tamandani, kodi simunayesetse pepala lanu kwina musanalitumize? Mwina vuto lanu ndi lomwelo.

Tamandani

Ayi, a Yamikani, ndinatumiza pamalo amodzi okha, ndipo gwero lalikulu pa lipoti langa lili ndi 5 peresenti chabe.

Mayi Nyirenda

Nkhani ya a Yamikani ndi ina, ngakhale imachitika kawirikawiri. Pepala lawo linasungidwa m'nkhokwe ya mapepala a ophunzira pamene mnzawo analitumiza, ndipo atalitumiza kwawo linafanana ndi lokha. Chizindikiro chake ndi gwero limodzi lokhala ndi peresenti yaikulu kwambiri. Mabokosi a mawu ogwidwa ndi mndandanda wa mabuku sangachize zimenezo. Mphunzitsi ndi amene ayenera kuchotsa gwero limodzilo pa lipoti atakhutira kuti pepala loyambalo ndi la wophunzira yemweyo.

Bambo Kachingwe

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ndikufuna kuti ophunzira amvenso mbali yathu, chifukwa si mphunzitsi aliyense wosiya mabokosiwa osachonga amene amatero posadziwa. Mndandanda wa mabuku ndimauchotsa nthawi zonse pokhazikitsa asainimenti, ndipo pamenepo ndikugwirizana ndi Mayi Nyirenda kotheratu. Koma mawu ogwidwa sindiwachotsa pachiyambi, ndipo ndimachita dala.

Chifukwa changa ndi ichi. Makina amangoona kuti pali mtengero wotsegula ndi wotseka, ndipo safufuza ngati mwini mawuwo watchulidwa, ngati nambala ya tsamba ilipo, kapena ngati mawuwo akuchokeradi m'buku lomwe latchulidwalo. Wophunzira angathe kuika m'mitengero theka la pepala lake, osawonjezerapo maganizo ake, ndipo lipoti n'kusonyeza 4 peresenti. Pepala lotere silinabe nzeru za munthu, koma ndi lofooka, ndipo ine ndimafuna kuona kufookako ndi maso anga. Zomwe ndimachita n'zakuti ndimatsegula lipoti mawu ogwidwa ali momwemo, ndimalemba nambala yake, kenako ndimachonga bokosi n'kuona kuti yatsika ndi zingati. Kusiyana kwa manambala awiriwo kumandiuza kuchuluka kwa mawu a ena m'pepalalo. Kusiyana kwa 7 peresenti ngati kwa a Tamandani n'kwabwino pa kafukufuku wa mtundu wawo, koma kukafika 30 peresenti ndimaitana wophunzirayo kuti tikambirane.

Palinso ngozi ina yomwe imagwera ngakhale wophunzira wosalakwa. Akatsegula mtengero n'kuiwala kutseka, makina angathe kutenga mtengero wotsatira, womwe mwina uli masamba awiri kutsogolo, ngati wotsekera, ndipo zonse za pakatipo zimachotsedwa kapena mawu ogwidwa otsatira amasokonekera. Mphunzitsi akaona kuti kuchonga bokosi kwafafaniza masamba athunthu, amayamba kukayika, chifukwa alipo ophunzira omwe amaika dala mitengero yoyera yosaoneka pofuna kubisa zokopera. Werengani mitengero yanu iwiriiwiri musanatumize kuti musaganiziridwe zomwe simunachite.

Madalitso

Ndamva, aphunzitsi, koma pamenepo wophunzira ndi amene akupwetekeka. Ngati inu simuchotsa mawu ogwidwa ndipo dipatimenti yanena kuti 20 peresenti, ndiye kuti munthu wogwira mawu molondola akulangidwa chifukwa cha kukhulupirika kwake. Si aphunzitsi onse omwe amatsegula lipoti ngati inu. Ena amangoyang'ana mtundu wa kabokosi, akaona kobiriwira alandira, akaona kachikasu abweza.

Bambo Kachingwe

Mukunena zoona, a Madalitso, ndipo mtundu umasintha kuchoka pa wobiriwira kupita pa wachikasu nambala ikangofika pa 25 peresenti, kotero kuti mapepala awiri osiyana ndi chiganizo chimodzi angathe kuoneka ngati ali m'magulu osiyana. Ine ndinauza kalasi yanga polemba kuti nambala yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi ya pambuyo pochotsa zonse ziwiri, ndipo ngakhale imeneyo sindiperekera chilango ndisanawerenge malo opakidwa utoto. Komwe mphunzitsi satsegula lipoti n'komwe, ndikuvomereza kuti kuli bwino mabokosi onse awiri achongedwe pachiyambi. Ndichenjeze aphunzitsi anzanga kuti asankhe zimenezi asainimenti isanatsegulidwe, chifukwa pepala loyamba likangolowa, kusintha kwa kalasi yonse kumakhala kotsekeka kapena sikukhudza malipoti otuluka kale, ndipo munthu umatsala ndi ntchito yotsegula lipoti lililonse palokha.

Thokozani

Ine ndikuphunzira zamalamulo ku Britain, ndipo kuno timagwiritsa ntchito kalembedwe ka OSCOLA, komwe magwero onse amatchulidwa m'mawu a m'munsi mwa tsamba, ndipo mawu ogwidwa aafupi amaikidwa m'mitengero ya kachizindikiro kamodzi, osati tiwiri. Zomwe ndaona pa malipoti anga n'zakuti `Exclude Bibliography` imachotsa mndandanda wa kumapeto koma mawu a m'munsi amatsala ndi utoto, ndipo popeza maina a milandu ndi a malamulo salembedwa mwanjira ina, pepala la zamalamulo limakhala ndi peresenti yokwera mwachibadwa. Pa mitengero ya kachizindikiro kamodzi, nthawi zina mawu amachoka, nthawi zina sachoka. Mayi Nyirenda, kodi ndisinthe mitengero yanga ikhale ya tizizindikiro tiwiri potumiza?

Mayi Nyirenda

Musasinthe popanda chilolezo, a Thokozani, chifukwa mudzataya malikisi a kalembedwe pofuna kupulumutsa nambala yomwe aphunzitsi a zamalamulo amadziwa kale kuti imakwera. Mitengero ya tizizindikiro tiwiri ndi yomwe makinawa amaizindikira mosavuta, pamene ya kachizindikiro kamodzi imavuta chifukwa imafanana ndi nkhodolero, ndipo makina sakhala ndi njira yotsimikizika yosiyanitsira ziwirizi. Ndikudziwa anzanga ena omwe amati pa lipoti latsopano vutoli linachepa, koma ine ndimaonabe mapepala omwe mawu otere atsala ndi utoto. Chofunika n'chakuti mphunzitsi akatsegula malo opakidwawo apeze mtengero ndi nambala ya mawu a m'munsi zili m'malo mwake.

Pa lipoti latsopano palinso bokosi lina lolembedwa `Exclude cited text`, lomwe limayesa kuchotsa ziganizo zotchula gwero. Bokosi limeneli ndimalisamala kwambiri, chifukwa chiganizo chingathe kutchula mwini wake koma n'kukhala chokopera liwu ndi liwu popanda mitengero, ndipo chimenecho ndi cholakwa chomwe wophunzira ayenera kuchiona kuti achikonze.

Tamandani

Ndabwera kudzafotokoza zotsatira. Ndasintha mutu kukhala `References`, ndatumiza fayilo ya .docx, ndipo ndapezanso kuti ndime imodzi ndinailowetsa m'kati ndi batani losiyira mpata, choncho ndaikonza. Popanda kuchonga kanthu, lipoti likusonyezabe 36 peresenti. Ndikachonga mabokosi awiri aja likutsika kufika pa 13, ndipo mndandanda wa mabuku ndi ndime ziwiri zija zachoka. Ndinalembera aphunzitsi anga monga munandilangizira, ndipo ayankha kuti iwo amachotsa zonse ziwiri asanayang'ane nambala. Pa 13 peresenti yotsalayo, pafupifupi 2 ndi tsamba loyamba lomwe lili ndi dzina la dipatimenti ndi mawu olumbira kuti ntchitoyi ndi yanga, omwe tonse timalemba mofanana. Zina ndi timagwero tambiri ta 1 peresenti kapena kucheperapo, makamaka maina a maunduna ndi a mfundo za boma. Kwatsala gwero lija la 5 peresenti, lomwe lili pa ndime ziwiri za m'gawo lounika zolemba za ena. Mwini wake ndinamutchula, koma utoto uli pafupifupi pa mzere uliwonse, ndipo ukungodumpha liwu limodzi apa ndi apo. Popeza ndili pansi pa 20, kodi ndingazisiye?

Bambo Kachingwe

Musazisiye, a Tamandani, chifukwa pa lipoti lonse limenelo malo okhawo ndi omwe ine ndikanawaona ngati vuto. Pa pepala lanu, 5 peresenti ndi mawu pafupifupi 210, ndipo utoto wodumpha liwu apa ndi apo ukusonyeza kuti munatenga ziganizo za mwini wake n'kusinthamo mawu ochepa, kamangidwe ka chiganizo n'kukhala komweko. Kutchula dzina lake kumauza wowerenga kuti maganizowo ndi ake, koma kusaika mitengero kumauza wowerenga kuti mawuwo ndi anu, ndipo zimenezo si zoona. Muli ndi njira ziwiri. Ngati pali chiganizo chimodzi kapena ziwiri zomwe mwini wake anazinena mwaluso, zibwezereni momwe zinalili, muziike m'mitengero ndipo mupereke nambala ya tsamba. Zotsalazo, tsekani bukulo, dzifunseni kuti wolembayo akutanthauza chiyani ndipo zikukhudza bwanji funso la kafukufuku wanu, kenako mulembe kuchokera m'mutu mwanu, n'kutsegulanso buku kuti muone ngati simunapotoze ganizo lake.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kuika mitengero kuzungulira ndime ziwirizo momwe zilili panopa kuti bokosi lizichotse. Mawu omwe mwawasintha pang'ono si mawu ogwidwa, ndipo kuwaika m'mitengero ndi kunamizira wolembayo kuti ananena zomwe sananene.

Mukadaona lipoti lili pa 36, ndime ziwirizi zikanabisala pakati pa utoto wa mndandanda wa mabuku. Phindu la kuchotsa zoyenera kuchotsa ndi lakuti zotsala zimaoneka poyera.

Madalitso

Ndibwererenso ku nkhani ya magwero ang'onoang'ono, chifukwa palibe amene wandiyankha. A Tamandani akunena okha kuti timagwero ta 1 peresenti ndi maina a maunduna ndi mfundo za boma. Kodi kuchotsa zimenezo n'kulakwa? Dzina la unduna silingalembedwe mwanjira ina.

Mayi Nyirenda

Simukulakwa pa mfundo yakuti maina otere sayenera kuwerengedwa, koma muyezo wa peresenti ndi woopsa chifukwa kukula kwake kumadalira utali wa pepala. Pa pepala la a Tamandani, 1 peresenti ndi mawu 42, omwe ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu. Pa kafukufuku wa digiri yachiwiri wa mawu 20,000, 1 peresenti ndi mawu 200, yomwe ndi ndime yathunthu. Wophunzira yemwe watenga ndime imodziimodzi kuchokera m'magwero 15 osiyana angathe kukhala ndi mawu okopera pafupifupi 3,000, koma gwero lililonse n'kukhala pansi pa 1 peresenti, ndipo bokosi lanulo likhoza kufafaniza zonsezo. Zili ngati kusefa ufa ndi sefa yamabowo aakulu, yomwe imadutsitsa ndi misere yomwe.

Ngati kuchotsa zing'onozing'ono n'kofunikira, ndi bwino kugwiritsa ntchito chiwerengero cha mawu, monga 8 kapena 10, chifukwa dzina la unduna kapena mawu ozolowereka a kafukufuku sapitirira pamenepo kawirikawiri, pamene chiganizo chokopera chimapitirira. Onetsetsaninso chomwe bokosi lanu likunena. Pa lipoti lakale limalankhula za magwero, kutanthauza kuti limachotsa gwero lonse ngati mawu ake onse ofanana ali ochepera muyezo. Pa latsopano lilipo la `Exclude small matches`, lomwe limayang'ana kachidutswa kalikonse kofanana pakokha. Ziwirizi sizipereka nambala yofanana pa pepala limodzi.

Za tsamba lolumbirira, njira yabwino ndi yakuti dipatimenti ilole kuti litumizidwe padera, kapena mphunzitsi alilowetse ngati chikombole cha asainimenti komwe mwayi umenewo ulipo, kuti makina asaliwerengere aliyense.

Bambo Kachingwe

Pano ndisiyana pang'ono ndi Mayi Nyirenda. Ine sindichotsa zing'onozing'ono ngakhale pa muyezo wa mawu 10, chifukwa kukopera kosinthamo mawu, monga kwa m'ndime za a Tamandani, kumaoneka ngati tizidutswa tatifupi totsatizana, ndipo ndimaopa kuti muyezo wotere ungadye tizidutswato n'kusiya ndime ikuoneka yoyera. Ndimalolera kuti nambala ikwere ndi 3 kapena 4 peresenti chifukwa cha maina a maunduna kusiyana ndi kuphonya ndime yotere.

Mayi Nyirenda

Mantha anuwo ndi omveka, aphunzitsi, ndipo kwa munthu wowerenga lipoti lililonse ngati inu njira yanu ndi yabwino. Ine ndikuganizira kalasi ya ophunzira 300 yomwe mphunzitsi wake sangathe kutsegula lipoti lililonse, ndipo pamenepo ndimaonabe kuti muyezo wochepa wa mawu umathandiza kuti maso apite pa mapepala oyenera.

Limbani

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi chifukwa vuto langa likufanana ndi la a Tamandani, koma ine ndikulemba kafukufuku wanga m'Chichewa, pa nkhani ya miyambi. Mutu wa mndandanda wanga ndi `Mabuku Ogwiritsidwa Ntchito`, ndipo bokosi la mndandanda wa mabuku silinachotse kanthu. Oyang'anira kafukufuku wanga amafuna kuti mitu yonse ikhale m'Chichewa. Vuto lachiwiri ndi lakuti miyambi yomwe ndikuiunika ndinailemba mopendeketsa zilembo popanda mitengero, ndipo yambiri yapakidwa utoto chifukwa ilipo kale pa intaneti. Komanso Chichewa chili ndi nkhodolero zambiri, monga m'mawu akuti ng'ombe ndi m'mudzi, ndiye ndikuopa kugwiritsa ntchito mitengero ya kachizindikiro kamodzi.

Mayi Nyirenda

A Limbani, makina sanazindikire mutu wanu chifukwa amafunafuna mawu omwe anakonzedweratu, ndipo a Chichewa sanawamve. Pemphani oyang'anira anu kuti akuloleni kuika `References` pa mzere wakewake, kenako mutu wa Chichewa pa mzere wotsatira, makamaka pa fayilo yopita ku Turnitin. Akakana, apempheni kuti powerenga lipoti asawerengere utoto wa masamba amenewo, ndipo muwauze chiwerengero cha mawu a mndandandawo kuti adziwe kukula kwa gawo lake. Ikani mutuwo kamodzi kokha, pamalo pomwe mndandanda ukuyambira, ndipo pambuyo pake pasabwere gawo lililonse la kafukufuku weniweni, chifukwa zonse zotsatira mutuwo zingathe kusiyidwa osawerengedwa, ndipo mphunzitsi wosamala adzafunsa chifukwa chake. Ngati muli ndi zowonjezera za kumapeto, monga mafunso omwe munafunsa anthu, dziwani kuti mutu wa `Appendix` umachititsa makina kuyambanso kuwerenga, pamene mutu wa Chichewa sungatero.

Kupendeketsa zilembo si chizindikiro cha mawu ogwidwa kwa makinawa. Ngati kalembedwe ka dipatimenti yanu kakulola, ikani miyambiyo m'mitengero ya tizizindikiro tiwiri, ndipo mwaganiza bwino kupewa ya kachizindikiro kamodzi m'zolemba zodzaza ndi nkhodolero. Ngati dipatimenti ikufuna zilembo zopendekeka zokha, zisiyeni choncho, ndipo mufotokoze m'gawo la njira za kafukufuku komwe munatenga mwambi uliwonse, kaya m'buku kapena kwa anthu omwe munacheza nawo.

Limbani

Zikomo, mayi. Miyambi yambiri ndinaimva kwa akuluakulu a kumudzi pamene ndinkachita kafukufuku, osati m'mabuku, choncho ilibe nambala ya tsamba yoti ndipereke ngakhale lipoti likuilozera ku masamba a pa intaneti omwe sindinawaonepo. Ndikumana ndi oyang'anira anga Lolemba, ndipo ndiwafunsa ngati tebulo losonyeza mudzi ndi tsiku lomwe ndinamva mwambi uliwonse lingakwanire, komanso ngati angavomere mutu wa `References` pa fayilo yotumiza.